Kodi ndingalekanitse wolera ana ndi wosunga chuma chawo mu wilo?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa amene munalembapo wilo kapena odziwa malamulo a chuma cha masiye muno m'Malawi.

Amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo anandisiyira ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 11. Chuma chathu ndi nyumba ya lendi ku Ndirande ndi ndalama zanga za penshoni. Ndikufuna kuti ndikadzamwalira mng'ono wanga adzalere anawa, chifukwa ndiye amawagoneka ndikakhala ku ntchito ya usiku, koma pa ndalama dzanja lake ndi lopepuka. Kodi lamulo la 2011 la chuma cha masiye limalola kuti iye akhale wolera yekha, pomwe anthu ena awiri azitolera lendi, azilipira fizi ndi kusunga zotsala mpaka ana atakula? Nanga ndingalembe kuti adzalandire nyumbayo atakwanitsa zaka 25, osati 18?

Chimene chikundisowetsa tulo ndi malume a anawa, alongo anga, amene mwa mwambo wathu ndiwo eni mbumba. Akadzakana zimene ndalemba, khoti lidzatsata mawu a ndani?