Funso: kodi chiganizo cha mwana wangachi chiimire pati?

Mayi wa ku Chilobwe: Ndikupempha thandizo kwa aphunzitsi amene muli pa gulu lino. Mwana wanga ali mu Fomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo chimangirizo chake chokhudza namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 chabwerera chili ndi mzere wofiira kunsi kwa chiganizo ichi: "Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, madzi anatsika m'phiri la Soche, anthu anathawira m'masukulu, komabe ena anakana kusiya nyumba zawo chifukwa ankaopa akuba." Aphunzitsi ake angolemba m'mbali kuti "mipatuliro yachuluka". Ndachiwerenga kangapo titakhala pa mkeka usiku, koma ine chikundimvekera bwino. Kodi cholakwika chili pati, nanga semikoloni, ija ya kadontho pamwamba pa mpatuliro, ingathandize?

Bambo wa ku Bangwe: Mayi, ife anatiphunzitsa kuti mpatuliro umaikidwa pamene munthu wapuma pang'ono powerenga mokweza, pomwe mpumiro umaikidwa pamene mawu atsika. Mwanayo awerenge mokweza, adzamva yekha.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chilomoni: Bambo, njira yanuyo imathandiza kupeza pamene chizindikiro chikusowa, koma siuza mwana kuti asankhe chiti, pakuti anthu timapuma mosiyana. Mayi, chitani izi. Phimbani chiganizocho ndi pepala, muziwulula chigawo chimodzi chimodzi, ndipo pa chilichonse mumufunse mwanayo ngati chingathe kuima pachokha. "Mvula inagwa masiku angapo osalekeza" ndi chiganizo chathunthu. "Madzi anatsika m'phiri la Soche" nachonso n'chathunthu, chimodzimodzinso ziwiri zotsalazo. Ndiye kuti mwana wanu walemba ziganizo zinayi n'kuzimangirira ndi mipatuliro yokha, pamene mpatuliro ndi luzi lofooka losati n'kumangira mtolo wotere.

Ana athu amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri chifukwa mneni wa Chichewa amanyamula mwininkhani m'kati mwake. Mawu akuti "anathawa" ndi chiganizo kale, ngakhale ndi amodzi okha, choncho mwana sazindikira kuti wayamba ganizo latsopano.

Ine ndikadakonza motere: "Mvula itagwa masiku angapo osalekeza, madzi anatsika m'phiri la Soche. Anthu anathawira m'masukulu; komabe, ena anakana kusiya nyumba zawo chifukwa ankaopa akuba." Taonani kuti ndasintha "inagwa" kukhala "itagwa". Tsopano chigawo choyambacho sichingaimenso pachokha, chikudikira chinzake, ndipo mpatuliro uli pamalo pake enieni. Mpumiro wabwera pamene nkhani yachoka pa madzi n'kupita kwa anthu. Semikoloni ndaiika pakati pa ziganizo ziwiri zathunthu zimene zikuyankhana, othawa ndi otsala. Muyeso wake ndi wakuti mukaichotsa n'kuika mpumiro, mbali zonse ziwiri zikhalebe ziganizo. Zikakanika kutero, semikoloniyo yaikidwa molakwika.

Mayi wa ku Chilobwe: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndamuyesa ndi pepala lija, ndipo pa ndime yotsatira wadzipezera yekha malo awiri. Koma ndifunseko: mawu akuti "chifukwa ankaopa akuba" ali ndi mneni, bwanji simunawadule?

Mphunzitsi wopuma wa ku Chilomoni: Awerengeni okha, Mayi, mumva kuti akulendewera. Mlumikizi "chifukwa" wawasandutsa nthambi yosaima payokha, motero kuika mpumiro kapena semikoloni asanayambe mawuwo n'kulakwitsa. Ana ambiri akauzidwa kuti afupikitse ziganizo amayamba kudula pamalo ngati amenewa, ndiye achoka m'vuto lina n'kulowa m'linzake.

Wophunzira wa ku koleji, Chichiri: Ine ndikuona kuti vuto ndi kutalika basi. Chiganizo chisamapitirire mizere iwiri. Komanso semikoloni ine ndimaidziwira pa mndandanda, monga: "Tinapita ku Limbe, kumene tinagula ufa; ku Ndirande, kumene tinagula mabulangeti; ndi ku Chilobwe, kumene tinagawa katunduyo."

Mphunzitsi wopuma wa ku Chilomoni: Chitsanzo chakocho n'cholondola, mwanawe, chifukwa zigawozo zili kale ndi mipatuliro m'kati, ndipo semikoloni ikuonetsa malire akuluakulu. Koma taona kuti chadutsa mizere iwiri popanda cholakwika. Pomwe "Mvula inagwa, tinathawa" ndi mawu atatu okha, koma ali ndi vuto lomwe lija.

Bambo wa ku Bangwe: Ndamva aphunzitsi, komabe ine sindingamulimbikitse mwana wa mayeso kugwiritsa ntchito semikoloni. M'chipinda cha mayeso dzanja limathamanga, kadontho kaja sikaoneka, ndipo wochonga angawerenge ngati mpatuliro. Mpumiro sungamutayitse malikisi.

Mayi wa ku Chilobwe: Apa mwandisiya pakati. Mwanayo waikonda semikoloniyo moti akufuna kuiika m'ndime iliyonse. Kodi alipo pa gulu lino amene anachongapo mayeso a MANEB, atiuze mmene amaonera chizindikiro chimenechi chikalembedwa ndi dzanja?