Makwerero a mabilu a boma: sitepe ya miyezi 9 ndiitseka bwanji?

Msungichuma_Dedza: Akuluakulu thandizeni. SACCO ili ndi K120 miliyoni yongokhala, bodi ikufuna makwerero pofika Januwale uno, ndalama zizikhwima miyezi itatu iliyonse. Koma pa okushoni ya Reserve Bank mabilu, omwe ndi ngongole zazifupi za boma, alipo a masiku 91, 182 ndi 364 basi. Okutobala ndiye mamembala amatapa za feteleza, ndipo mpomwe pali dzenje. Nditani?

NaPhiri: Gawani panayi, K30 miliyoni paliponse. Gawo limodzi pa 364, lina pa 182, awiri pa 91. Mu Epulo awiri aja akakhwima, limodzi mulibwezere pa 182, linalo pa 364. Kuphatikiza 91 ndi 182 ndi 273, likhwima Okutobala. Kuyambira pamenepo lililonse likakhwima, tapanipo zofunika, zotsala zipite pa 364. Chaka chikatha masitepe onse ali pa chiwongoladzanja cha 364 koma ndalama zikutuluka kanayi.

Che Wadi: Bwanji osangoika zonse pa noti, ngongole ya boma ya zaka 2? Kuponi, chiwongoladzanja chakecho, ikubwera miyezi 6 iliyonse, mutu osawawa.

NaPhiri: Achimwene, kuponi si mpamba. Mamembala akafuna K25 miliyoni mu Okutobala mukagulitsa kwa ndani? Ogula manoti asanakhwime ndi ochepa, ndipo chiwongoladzanja chikakwera amakudulani mtengo.

Bambo a Tadala: Musamale pouza banki kuti "30 miliyoni". Bilu imagulidwa motsika. Tiyerekeze 26% pa masiku 364: kuti mudzalandire K30 miliyoni mumalipira pafupifupi K23.8 miliyoni lero. Pa phindu la K6.2 miliyoniyo MRA idula 20%, cha m'ma K1.2 miliyoni. Ndiye lembani momveka ngati 30 ndi yolipira kapena yodzalandira, apo ayi bajeti ya bodi siigwirizana.

Gondwe: Ife ku kampani kwathu timangoika pa fikisidi ya mwezi umodzi, palibe vuto.

Msungichuma_Dedza: A Gondwe, funso si limenelo.

Che Wadi: Ine ndikuti noti. Chiwongoladzanja chikatsika mudzalira, chifukwa bilu iliyonse muzidzaibwezera pa chiwongoladzanja chotsika.

NaPhiri: Apo ndikuvomera, kutsika kumaluma makwerero aafupi. Koma kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, amene anatsekera zonse kutali anangoonerera mitengo ikuthamanga. Ku Ghana mu 2023 boma linasintha masiku olipira mabondi, mabilu osawakhudza. Noti ikhale sitepe yachisanu, ya ndalama zomwe simuzifuna zaka ziwiri.

Bambo a Tadala: China, fizi imafunika Sepitembala, sitepe yanu yakhwima Julayi. Mukaibwezera yonse mwadzimanga. Siyani za fizizo pa akaunti yotapa nthawi iliyonse. Onaninso ngati banki ili ndi lamulo lanu lobwezera yokha, ena amazindikira ndalama zitapita kale pa 91. Ndipo pa okushoni mukapempha chiwongoladzanja chokwera amatha kukukanani, ndalama nkukhala sabata osabala.

Che Wadi: Nchifukwa chake ndikuti noti.

Gondwe: Kodi SACCO nayo amaidula msonkho umenewu?