Ndithandizeni kalembedwe ka kalata yokana livi ya mnzanga

Membala wobisa dzina: Admini chonde musaonetse dzina langa, anzanga a kuntchito ali mugulu muno. Ndimagwira pa holoselo ina ku Lilongwe, mbali ya sitolo tilipo anayi ndipo chaka chino andikweza kukhala supavaiza. Vuto ndi mnzanga amene tinalowa ntchito limodzi, chikwezedwereni ine sandipatsanso moni bwinobwino, pa nkhomaliro amakakhala ndi madalaivala, komanso ndalama ya chipereganyu ya mwezi watha sanandipatsebe koma foni wagula yatsopano. Ndiye wabweretsa fomu ya livi masiku 12 kuyambira pa 16 Disembala pomwe wina ndinamusainira kale masiku omwewo ndipo pa 30 ndi 31 timawerenga sitoko. Manijala akuti ndimuyankhe ndekha polemba. Ndilembe bwanji kuti asamati ndi nsanje? Tulo sindikugona abale

Ankolo a ku Ndirande: MUPATSENI LIVI YAKE MUNTHUYO!! Mwangokwezedwa dzulodzuloli mwayamba kale kuponda anzanu. Livi ndi ufulu, palibe bwana angakane, nkhaniyi ikafika ku leba mulira

NaBanda: Inu yambani mwatenga kaye ya chipereganyu ija, akapita ku holide osakupatsani ndiye mwaiwale 😂

Mayi a Tadala: Funso loyamba, livi yake ndi yanji? Mwatiuza za foni ndi madalaivala koma ichi simunanene. Ngati ndi yodwala ndipo ali ndi chikalata cha dokotala, kapena ya uchembere, musayerekeze kulemba kalata yokana, yotereyo siyendera kuti pa shopu pali bize. Ngakhale abambo pano ali ndi masabata awiri mkazi akachira, zinalowa m'lamulo mu 2021. Koma ngati ndi livi ya pachaka, masiku ndi akedi koma tsiku loyambira amakonza ndi olemba ntchito atakambirana naye. Ndiye a Ankolo zoti bwana sangakane sizoona kwenikweni, angathe kusuntha, chimene sangathe ndi kumudyera masikuwo.

Ankolo a ku Ndirande: Mayi inu mukuoneka kuti ndinu a mbali ya mabwana. Ine ndinagwira pa kampani ina ya alonda zaka zambirimbiri, chaka chilichonse ankati dikira kaye kulibe wokulowa m'malo, mapeto ake mayi anga anamwalira ndili pa geti la eni ake. KUSUNTHA NDI KUKANA NDI CHIMODZI

Mphunzitsi Wotopa: Ife aphunzitsi holide imatipeza yokha koma mthumba mulibe kanthu, ndiye dandaulani bwino

Che Jafali: Lamulo limati masiku 18 pachaka, ndiye ngati wapempha 12 ali mkati mwa masiku ake, basi musainireni. Apo ayi mugulireni masikuwo ndi ndalama, aliyense Disembala amafuna ndalama

Mayi a Tadala: Che Jafali 18 ndi ya ogwira masiku 6 pa sabata, ogwira masiku 5 ndi 15, zili mu gawo 44 la lamulo la za ntchito la 2000. Koma kukhala ndi masiku sikutanthauza kuti upita tsiku lililonse walifuna. Zogula masikuzo supavaiza asalonjeze, si ndalama zake.

Membala wobisa dzina: Ndi ya pachaka mayi, timagwira Lolemba mpaka Loweruka. Akuti kwawo ku Mzimba kuli ukwati wa mchemwali wake pa 21

Mayi a Tadala: Eya tsopano. Musayambe ndi kalata, muitaneni kaye mukhale pansi, kalata ibwere kudzatsimikiza zimene mwakambirana, munthu akangoipeza pa desiki ndi pomwe amati nsanje. Ndipo ikhale yaifupi, mwina motere:

"A uje, ndalandira pempho lanu la livi ya masiku 12 kuyambira pa 16 Disembala. Sinditha kuvomera masiku onsewa chifukwa mnzathu mmodzi anavomerezedwa kale livi ya nthawi yomweyi, ndipo mukachoka nonse mu sitolo mutsala anthu awiri pomwe pa 30 ndi 31 tikuwerenga sitoko. Chimene ndingathe ndi ichi: mutenge masiku 4 kuyambira pa 19 kuti mukakhale nawo pa ukwati, masiku 8 otsalawo muyambe pa 6 Januwale. Kapena ngati mnzathuyo angalole mwa kufuna kwake kusinthana nanu, mundiuze nonse polemba. Masiku anu onse ali pomwepo, palibe latayika. Ngati simukukhutira mutha kuchita apilo polembera a manijala, ndipo kope ya kalatayi ndawapatsa."

Muike deti, musaine, iyenso asaine kuti walandira, osati kuti wagwirizana nazo, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiku ochitira apilo muone m'buku la malamulo a pakampani panu muwalembemo, musapeke anu. Chifukwa chizikhala choti munthu wina atha kuchifufuza pa rosita, osati zija amangolemba kuti "chifukwa cha ntchito". Ndipo za chipereganyu, za moni, zisanunkhe n'komwe m'kalatamo.

NaBanda: Masiku 4 ku Mzimba nthawi ya mvula? Limodzi lithera pa depoti, lina pa kabaza kulowa kumudzi, ndiye mlongo wake wa mkwatibwi akafike ngati mlendo? Muonjezereko abale

Ankolo a ku Ndirande: MWAONA? Mpaka kumulembera kalata yoponderezera mnzake. Mnyamata iwe ngati uli muno pita ku leba mawa lomwe, usasaine kanthu

Bambo a Yankho: Ankolo ku leba akakamufunsa kuti kuntchito kwanu mwadandaula kwa ndani, nanga pepala lili kuti. Kalatayo imamuthandiza iyeyo kuposa kukanidwa pakamwa. Inuyo akanakulemberani chaka chilichonse bwenzi muli ndi umboni. Njira ndi manijala kaye, yuniyoni ngati ilipo, kenako leba ofisa wa pa boma, khothi la za ntchito ndi komalizira. Koma ine changa ndi china, apilo isamapite kwa munthu yemwe wakuuzani kuti mukane. Manijalayo anena kuti muyankhe nokha kapena anena kuti mukane? Ngati anena kuti mukane ndiye apiloyo ndi sewero, lembanimo wa pamwamba pake.

Gogo Wamakono: Ana inu kalata ya ku ofesi m'Chichewa? Nthawi yathu bwenzi atakubwezera

Membala wobisa dzina: Anangoti ndithane nazo. Komanso mwina ndinene, livi imeneyi inakwana mu Epulo, anapempha mu Juni supavaiza wakale anamuuza pakamwa kuti adikire Disembala

Mayi a Tadala: Aaa inu!! Ichi ndiye munayenera kuyamba nacho. Lamulo limati livi itengedwe pasanathe miyezi 6 chikwanireni, kupitirira apo pakhale kugwirizana kwa mbali zonse. Iyeyo anavomera kudikira chifukwa anamulonjeza Disembala yemweyu, pano miyezi 6 inadutsa kale, ndiye mukamukankhiranso ku Januwale iye osafuna, pa apilo mugwa ndinu. Kalata ija isungeni kaye. Winayo munamusainira liti, ndipo yake inakwana liti? Mwina woyenera kupemphedwa kusuntha ndi ameneyo, kapena manijala abwereke munthu wa pa kauntala adzathandize kuwerenga sitoko.

Ankolo a ku Ndirande: NDIMANENA INE

Che Jafali: Koma lonjezo la pakamwa la munthu woti anachoka likugwira ntchito? Alipo anamva?

Membala wobisa dzina: Winayo ndi mlamu wake wa manijala, ndiyambira pati

NaBanda: Basi apa ya chipereganyu ija ingomukhululukirani 😂😂