Gulu la Banja: Bulangete la Agogo

Azakhali a ku Zomba: Mwaswera bwanji nonse? Tinagwirizana zidutswa 48, chilichonse 20 cm mbali zonse, kuti bulangete likhale 120 cm ndi 160 cm. Juni wa ku Dedza sadikira munthu. Amene mwayamba kuluka, tumizani zithunzi.

Chisomo: Azakhali, changa ndi ichi. Ndikangochisiya patebulo m'munsimu mukudzikulunga ngati mphasa. Ndimasule?

Malume a ku Joni: Chikhalireni usiku wonse, chiwongoka 😂

Azakhali a ku Zomba: Achimwene inu gulani zimene tikutumeni basi. Chisomo, koloshe yako ndi ya nambala yanji?

Chisomo: 4 mm, monga alembera papepala la wulu. Wuluyo ndi wa DK uja.

Azakhali a ku Zomba: Vuto ndi lomwelo. Nambala ya papepalayo si ya kalukidwe aka ka Tunisiya. Kuno sutembenuza nsalu, mbali imodzi imakuyang'ana nthawi zonse. Popita umalowetsa koloshe pansi pa kaulusi koimirira ka kumaso n'kutola malupu, ndiye ulusi wambiri umaunjikana kumsana. Kumsana kukanenepa, nsalu imapindikira kumaso. Koloshe ikachepa, masititchi amathinana ndipo kupindikako kumanyanya. Onjezera 2 mm, utenge ya 6 mm.

Mayi a Tadala: Alamu, ine yanga ndi ya 6 mm kale koma chikupindikabe, ndiponso chikumka chichepa m'lifupi.

Azakhali a ku Zomba: Mlamu, dzanja lanu ndikulidziwa, mumakoka ulusi mwamphamvu. Mukatola malupu onse, yesani kuwakankha ndi chala chimodzi. Akuyenera kutsetsereka pakoloshe osalimbana nawo. Akamakana, ndiye kuti mukuwamangira pakhosi pa koloshe pomwe m'powonda. Lupu iliyonse muziikweza ifike pathupi pa koloshe, kenako tolani ina. Pobwerera napo, kolani ulusi mudutse lupu imodzi, kenako ziwiriziwiri mpaka patsale imodzi. Katcheni kamene kamapangika pobwererako ndi kamene kamagwira m'lifupi. Mukakathina, chidutswa chimachepa.

Mayi a Tadala: Zoonadi, chala chikuchita kupweteka pokankha. Nanga ndingotenga ya 7 mm?

Azakhali a ku Zomba: Yambani mwamasula dzanja. Zikakanika yesani 6.5 mm. Mukapitirira, nsalu ikhala ya mabowo, Agogo azidzatulutsa zala za kumiyendo.

Thoko: Ine sindinayambe. Tcheni ndiluke ya masititchi angati?

Azakhali a ku Zomba: Usafunse nambala ya mnzako, manja amasiyana. Luka kachidutswa koyesera ka masititchi 20, mizere khumi, ukagoneke pansi osakakoka, uwerenge timaulusi toimirira m'kati mwa 10 cm. Ine ndimapeza 15, ndiye tcheni yanga ndi ya 30. Ukapeza 14, luka 28. Ukapeza 17 kapena kuposa, wathina, kweza koloshe uyesenso. Ndipo pamzere woyamba uzitembenuza tcheni, utole malupu m'timabampu ta kumsana kwake. M'munsi mumaoneka mwaukhondo.

Chisomo: Ndabwereka ya 6 mm kwa aneba. Chafewa, koma kumapeto kukudzukabe pang'ono.

Azakhali a ku Zomba: Pang'ono sikulephera, sititchi wambayi chikhalidwe chake n'chomwecho. Tichite chonchi tonse: mizere itatu yoyamba ndi itatu yomaliza ikhale ya sititchi yobweretsa ulusi kumaso. Ulusi uli kutsogolo, lowetsa koloshe pansi pa kaulusi koimirira, ugwire ulusiwo ndi chala chachikulu, kola, tulutsa lupu. Imeneyi imasiya kabampu kumaso, ndiye imakokera nsalu mbali inayo. Pa YouTube lembani Tunisian purl stitch muone manja ake. Ina ija yooneka ngati juzi, yobaya koloshe mpaka kumsana, musayerekeze pabulangete ili. Ndi yokongola koma imapindika kuposa zonse.

Thoko: Ndikamaliza ndisite?

Azakhali a ku Zomba: Simbi isakhudze wulu! Wathuyu ndi wa akiliriki, amasungunuka n'kuyamba kunyezimira, ndipo sabwereranso. Chikhomerere ndi mapini pathawulo mulingo wa 20 cm, simbi ya nthunzi uiyendetse m'mwamba osagunda, uchisiye chizizire usanazule mapini. Amene mulibe ya nthunzi bweretsani chomwecho, ndidzachita kuno polumikiza.

Malume a ku Joni: Ndiye ndigule chiyani kwenikweni, achemwali?

Azakhali a ku Zomba: Makoloshe aatali, okhala ndi chotsekera kumapeto kuti malupu asagwe. Zisanu za 6 mm, imodzi ya 6.5 mm ya alamu anu. Zazifupi zija zophwatalala pakati ayi, malupu 30 sakwanapo.

Malume a ku Joni: Ndipatsira wa basi Lachisanu. Chisomo ukalandire ku Lilongwe.

Chisomo: Chabwino malume. Azakhali, choyamba chija ndimasule?

Azakhali a ku Zomba: Masula, wuluyo akufunika. Aliyense atumize chithunzi cha kachidutswa koyesera tepi ili pamwamba, lisanafike Lamulungu.