Foni yapita, bakapu ikuti Malichi: ndidine chiyani?

Mai a Tadala: Abale thandizeni msanga. Foni andisolola dzulo pokwera takisi ku Bree, mu Joni. Ndagula ina, simu andibwezera nambala yomweyo. Ndaika WhatsApp, ikuti yapeza bakapu koma ya pa 11 Malichi, 212 MB. Pano ndi Okutobala. Mauthenga a bwana wanga ovomera kuti sanandilipire masabata atatu ndi a mwezi watha. Ndidine Restore kapena Skip?

Mjomba wa ku Mangochi: Pepani mayi. Ku Bree foni siyikidwa m'thumba la kumbuyo, takhala tikunena muno. Yanga inapita pomwepo ndili ndi mabulangete kumutu.

Mnyamata wa Randburg: Dinani Skip, ikatsegula imakoka yokha zatsopano. Zonse zimakhala kwa eni ake a WhatsApp.

Bambo a Chisomo: MUSADINE Skip. Mphwanga, zimenezo si zoona, mauthenga akafika pa foni eni ake sasunga. Mayi, dinani Restore. Funso limenelo limabwera pokhapo poika nambala, ndipo mukalilumpha foni yatsopano ikapanga bakapu yake imafufuta ya Malichi ija, mutsala opanda kanthu.

Mai a Tadala: Ndadina. Zabwera, koma zathera mu Malichi momwemo. Inetu ndinaika Daily, mwana wa achemwali anandiikira ndikuona.

Bambo a Chisomo: Kodi kunyumba muli ndi waifai?

Mai a Tadala: Inalipo komwe ndinkagona pa ntchito yakale. Ndinachokako mu Malichi.

Bambo a Chisomo: Ndi pomwepo. Pa Settings > Chats > Chat backup pali posankha ngati bakapu idzidya bandulo. Pakakhala potseka, foni imadikira waifai, ngakhale miyezi isanu ndi iwiri. Mawu a Daily amaoneka bwinobwino koma palibe chikupita. Choyenera kuyang'ana ndi tsiku la Last backup ndi kukula kwake.

Anaphiri a ku Cape Town: Ine yanga inaima chifukwa malo anadzaza. Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp imadya pomwepo, limodzi ndi zithunzi ndi maimelo. Mavidiyo a chinkhoswe cha mng'ono wanga anamaliza malo onse, ndinadziwa patapita miyezi.

Mjomba wa ku Mangochi: Chinkhoswe chake chija cha mbuzi ziwiri? Kkkk. Ise tinangoonera pa foni, nyama osalawa.

Anaphiri a ku Cape Town: Musandikumbutse mjomba. Chaka chachinayi chino osaponda ku Dedza. Nthawi ino akukonza m'munda, mayi ali okha ndi khasu.

Wobwera kumene: Moni nonse, alipo akudziwa basi yotsika mtengo yotumizira katundu ku Lilongwe?

Amfumu a gulu: Achimwene, mwalowa dzana, yambani mwawerenga. Munthu ali pa vuto inu mukufunsa basi. Funsani madzulo.

Mlonda wa ku Durban: Ndiye a Chisomo, yanga ikuti Last backup lero 2 koloko usiku, 1.4 GB. Ndili bwino eti?

Bambo a Chisomo: Theka. Zikusonyeza kuti katundu walowa m'nkhokwe, koma simunayese ngati kiyi muli naye. Ndimakonza mafoni, ndipo ambiri obwera akulira bakapu amakhala nayo, chowakanika ndi kuitsegula. Pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo. Ndikufunseni: pasiwedi ya Gmail yanu mukuidziwa pamtima? Nanga WhatsApp yanu ili pa nambala iti?

Mlonda wa ku Durban: Pasiwedi anandipangira wogulitsa foni. Nambala ndi ya kumudzi, ya +265. Simu yake ndinaisiya kwa akazi anga.

Bambo a Chisomo: Ndiye lero foni itabedwa simungabweze kanthu. Khodi ya manambala 6 ipita ku simu ili kumudziyo, ngati ikadali yamoyo, poti simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka n'kupatsa wina nambalayo. Imbirani mayi a kunyumba aiike m'foni muone ngati ikulandira uthenga. Ngati yafa, pangani Change number foni ikadali m'manja mwanu. Pasiwedi sinthani lero, muilembe m'kope.

Mnyamata wa Randburg: Kuyesa n'kosavuta, ingochotsani WhatsApp muiikenso. Ine ndimatero.

Bambo a Chisomo: Zimatheka, koma bakapu ikakana mwadziotchera nokha nyumba. Yesani pa foni ina. Ine ndimachita chonchi Lamlungu, pamene pali waifai. Pa foni yanga ndimadina Back up, ndidikire ithe, ndilembe nthawi ndi kukula. Nditenge foni yakale ya m'kabati, ndilowe mu Google polemba pasiwedi ndekha, osaonera pa foni inayo. Ndiike WhatsApp, nambala, khodi. Iyenera kuonetsa bakapu ya nthawi ndi kukula komwe ndalemba. Ndidine Restore. Ikatha sindikhutira ndi mayina a anthu okha. Ndimatsegula uthenga wakale kwambiri ndi wa dzulo, ndimvere uthenga wa mawu umodzi, nditsegule chithunzi cha pasipoti ndi pepala la malipiro. Ulendo woyamba ndinapeza mavidiyo onse mulibe, chifukwa Include videos inali yotseka.

Anaphiri a ku Cape Town: Nanga foni yeniyeniyo siitaya zinthu?

Bambo a Chisomo: Imakutulutsani, chifukwa nambala yalembetsedwa kwina, koma mauthenga amakhala momwemo. Mubwerere, muikenso nambala yomweyo ndi khodi. Zomwe zafika pa mphindi zimenezo zimatsalira pa foni yoyeserayo, ndiye musachite tsiku loyembekezera uthenga wa ntchito. Mukapempha khodi kambirimbiri amakudikiritsani. Ndipo foni yoyesera ikhale ya mtundu womwewo, bakapu ya pa Google Drive siitseguka pa iPhone. Amene munayatsa End-to-end encrypted backup, apa ndi pomwe mudziwe ngati pasiwedi kapena kiyi wa zilembo 64 uja muli naye. Akatayika palibe angakutsegulireni.

Mjomba wa ku Mangochi: Ndamva kuti aliyense woika pasipoti pa Google, a Home Affairs amaiona tsiku lomwelo.

Amfumu a gulu: Mjomba, mwamva kwa ndani? Musaopseze anthu.

Mlonda wa ku Durban: Kangati kuyesako? Ine foni yachiwiri ndilibe, ndipo 1.4 GB ndi bandulo ya ndalama.

Bambo a Chisomo: Tsiku la Last backup liyang'aneni mwezi uliwonse mukalandira, ndi mphindi imodzi. Kubweza kwathunthu ine ndimachita miyezi itatu iliyonse, komanso ndikasintha nambala, pasiwedi kapena malo okhala. A Mai a Tadala akanayang'ana atangosamuka akanataya za masiku ochepa.

Anaphiri a ku Cape Town: Miyezi itatu ndi ya inu muli ndi shopu yodzaza mafoni. Ife kawiri pa chaka basi, pobwereka. Mapepala ofunika ndimawatumizanso pa imelo yanga n'kuwatsegula pa foni ya mnzanga, sizidya kanthu.

Bambo a Chisomo: Pa yobwereka mukamaliza chotsani WhatsApp ndi akaunti yanu. Koma miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri kwa munthu amene umboni wa malipiro ake uli m'foni.

Mai a Tadala: Nanga ine masabata anga atatu?

Anaphiri a ku Cape Town: Bwanayo analemba kwa inu nokha kapena pa gulu la antchito? Ngati ndi pa gulu, mnzanu adine More kenako Export chat akutumizireni, mupite nazo ku CCMA, komwe amamva madandaulo a antchito.

Mai a Tadala: Umodzi unali pa gulu. Ndimuimbire Mzimbabwe uja ndimagwira naye, akaweruka 5 koloko.

Wobwera kumene: Pepani amfumu, madzulo akwana?