Adula ndalama pa khadi yanga, ndi akuba kapena sabusikiripishoni yoyiwala?

Abale ndithandizeni, mwezi uno pa khadi yanga ya kubanki adula ndalama kawiri pa dzina lolembedwa `GOOGLE *` kenako mawu ena osamveka. Ndaona kuti yoyamba ikufanana ndi ya mwezi watha, tsiku lomwelo ndalama zomwezo, ndiye mwina ndi apu ija ndinayesa yaulere kenako inayamba kudula yokha, imeneyo ndikudziwa ndilowa mu Play Store pa Subscriptions ndikayimitse. Koma yachiwiri ndi yaikulu, inadulidwa usiku ndili mtulo, pa imelo palibe lisiti ndipo mu akaunti yanga ya Google sikuoneka nkomwe. Ndibuloke khadi kaye kenako ndikadandaule kubanki? Amene munabwezeredwapo ndalama zotere, anakufunsani chani ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji?