Ndalama za ku likulu zikugwetsa pulojekiti yathu ya mafuta, tiziike m'masamu kapena ayi?

Wa Maakaunti ku Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa nthambi ya kampani ina yogula ndi kugulitsa mbewu, likulu lathu lili ku Lilongwe. Ife a nthambi tikufuna kugula makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, mtengo wake K60 miliyoni, ndipo tikuwerengera kuti agwira ntchito zaka 5. Tikuyembekezera kugulitsa mafuta ndi nseche za K100 miliyoni pa chaka. Mpendadzuwa, magetsi, mabotolo, malipiro a anyamata ndi kukonzetsa makina zitenga K78 miliyoni, ndiye pakutsala K22 miliyoni pa chaka, nkhani ya msonkho tiyambe taiika pambali.

Kampani yathu imafuna kuti ndalama iliyonse yoikidwa mu pulojekiti ibereke 20 peresenti pa chaka. Nditaika K22 miliyoni ya chaka chilichonse m'mabokosi B2 mpaka B6 mu Excel, n'kulemba chonchi:

```
=NPV(20%,B2:B6)-60000000
```

yankho linatuluka phindu la K5.8 miliyoni pa mtengo wa lero, kutanthauza zotsala tikachotsera 20 peresenti ya pa chaka ija ndi mtengo wa makina. Nditatumiza ku likulu, anabweza pepala lija ataonjezera mzere umodzi ndi bolopeni yofiira: 8 peresenti ya zogulitsa, ati ndi gawo lathu la ndalama zoyendetsera likulu. Imeneyo ndi K8 miliyoni pa chaka. Pakutsala K14 miliyoni, ndipo yankho lasanduka kuluza K18.1 miliyoni. Alimi a kuno amatifunsa za makinawa tsiku ndi tsiku, ndiye zikundipweteka mtima. Kodi mzerewu ukuyenera kukhalapo?

Gogo wa Maleja:
Mwana wanga, ndinagwira ntchito ngati yakoyo zaka zambiri ndisanapume. Usanakangane ndi aliyense, pita ukafunse funso limodzi: makinawa mukagula, ndalama zimene likulu limatulutsa pa chaka zikwera ndi zingati? Lendi ya ofesi ya ku Lilongwe ikwera? Malipiro a bwana wamkulu akwera? Mlonda wa pageti aonjezeredwa ndalama chifukwa ku Kasungu kukuyengedwa mafuta? Ngati yankho ndi ayi, ndalama zimenezo zituluka ndithu, mugule makina kapena musagule, choncho sizingatiuze ngati kugula kuli kwanzeru.

K8 miliyoni ija palibe munthu wakunja amene akailandire. Ichoka m'buku la nthambi n'kukalembedwa m'buku la likulu, koma ku banki akaunti ya kampani siisintha ndi tambala yomwe. Mukakana pulojekitiyi chifukwa cha mzerewo, likulu lidzadyabe zomwe limadya, ndipo kampani idzangotaya K22 miliyoni ya pa chaka imene ikanathandiza kulipira likulu lomwelo.

Mwini Golosale ku Ndirande:
Amenewo akukuberani achimwene. Inenso pomwe ndinkagwira kale, ndalama zonse timatumiza ku likulu, mabwana n'kumagulira magalimoto. Kanenani kwa eni kampani.

Wa Maakaunti ku Kasungu:
Ayi bambo, palibe wakuba apa. Nthambi zonse zimadulidwa 8 peresenti yomweyo, ndi lamulo la kampani. Funso langa ndi lakuti iwerengedwe posankha kugula makina kapena ayi.

Mayi wa ku Likulu Lina:
Ine ndimakhala mbali inayo, ndimagwira ku likulu la kampani ina, ndiye ndilankhuleko. Agogo, ndi ulemu wonse, zimenezi n'zimene nthambi iliyonse imanena. Aliyense amabwera n'kuti yanga siisintha kanthu ku likulu. Chaka chino mapulojekiti anayi, chaka chamawa asanu, kenako tikuona kuti ofesi yachepa, tikulemba akalaliki atatu, tikugula seva ina. Ndiye alipire ndani? Magetsi a ku likulu salipiridwa ndi mphepo. Iikeni 8 peresentiyo basi, bola kusamala.

Gogo wa Maleja:
Mayi, apo mwanena zoona, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Ndalama za likulu sizikwera pang'onopang'ono ngati madzi mu ndowa, zimakhala phee kwa nthawi kenako n'kudumpha, tsiku limene kalaliki wakale walephera kumaliza ntchito ndipo mwalemba wina. Koma mankhwala ake si kuwaza 8 peresenti paliponse. Taonani, chiwerengerocho chikutsata zogulitsa, osati ntchito imene pulojekiti ikubweretsa. Mtengo wa mafuta ukakwera, zogulitsa n'kufika K120 miliyoni, gawo la likulu likhala K9.6 miliyoni, pamene mainivoisi amene kalaliki akulemba ndi omwe aja. Ndipo pulojekiti ina yogulitsa zochepa koma yovutitsa likulu kwambiri idzadutsa mosavuta, chifukwa 8 peresenti yake ndi yaing'ono. Mukufuna kusamala koma mukusamala malo olakwika.

Pokonza mitengo ya mafuta, kapena poyeza ngati nthambi ikudzidyetsa yokha pakutha pa chaka, ikani gawo la likulu, sindikutsutsa. Kampani yonse iyenera kubweza ndalama zake zonse. Koma funso la lero ndi lina: kampani ikhala ndi ndalama zambiri ndi makinawa kapena popanda makinawa?

Wa Maakaunti ku Kasungu:
Agogo, ndachita zomwe munanena. Dzulo ndinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu ndi mkulu wa zachuma, tikudutsa bajeti ya likulu mzere ndi mzere, ine ndikuchonga ndi pensulo. Lendi, malipiro a mabwana, mlonda, galimoto, zonsezo sizisintha. Zomwe zikwere ndi ziwiri: inshuwalansi imene likulu limalipirira katundu wa nthambi zonse, ndi laisensi ya munthu mmodzi woonjezera pa pulogalamu ya maakaunti. Pamodzi K1.2 miliyoni pa chaka. Ndiye pakutsala K20.8 miliyoni, ndipo yankho ndi phindu la K2.2 miliyoni. Lachepa, koma lilipo.

Koma pali china. Akuti kalaliki wolipira ogulitsa katundu ntchito yamukulira kale, amaweruka usiku. Tikayamba kugula mpendadzuwa kwa alimi mazanamazana, mwina alemba wina pa K250,000 pa mwezi, yomwe ndi K3 miliyoni pa chaka. Ndikaika imeneyo pakutsala K17.8 miliyoni, ndipo tikuluza K6.8 miliyoni.

Gogo wa Maleja:
Eya, tsopano mwafika pa mkangano weniweni. Kalalikiyo ngati alembedwa chifukwa cha mpendadzuwa wanu, malipiro ake onse alowe m'masamu ako, osagawana ndi nthambi zina, ndipo usaiwale penshoni imene kampani imamuikira. Koma ngati anali oti amulemba kale chaka chino, kaya makina alipo kaya palibe, si wako. Funsa ngati udindowo uli kale mu bajeti ya chaka chamawa imene anakonza pepala lako lisanafike.

Mnyamata wa Sukulu ya Maakaunti:
Pepani kulowerera akuluakulu. Nanga nthawi ya mkulu wa zachumayo? Malipiro ake sasintha, koma azitaya masiku akuyang'anira pulojekitiyi m'malo mochita zina.

Gogo wa Maleja:
Funso labwino mdzukulu. Ngati pali ntchito yobweretsa ndalama imene isiyidwe, kapena adzalipira munthu wakunja kuti aigwire, imeneyo iwerengedwe. Chimodzimodzi ngati mafutawo azisungidwa mu nyumba ya kampani imene pano ikuchititsidwa lendi, lendi yotayikayo ndi ya pulojekiti. Koma ngati sungaloze ndalama imene itayike, usapeke nambala.

Mayi wa ku Likulu Lina:
Ine sindinakhutirebe. Kalalikiyo adzati si wa Kasungu, nthambi ina idzatinso si wake, koma adzalembedwa. Ndipo phindu la K2.2 miliyoni pa makina a K60 miliyoni ndi lopyapyala kwambiri, mpendadzuwa ukangokwera mtengo pang'ono latha.

Wa Maakaunti ku Kasungu:
Pa kupyapyalako mukunena zoona mayi. Ndayesa, zotsala zikangotsika ndi K800,000 pa chaka, phindu lonse lapita. Nditumiza mapepala awiri, lina lili ndi kalaliki lina lopanda, onse opanda 8 peresenti ija, ndipo ndipempha kuti andionetse bajeti ya antchito. Ndikuganizanso zoti alimi tiziwalipira konkuno ku nthambi kudzera pa foni, likulu lizingolandira lipoti limodzi pa sabata. Alipo amene anayesapo zimenezi, ndipo ntchito ya ku likulu inachepadi?